Tepi ikatchula A, B ndi C onse, yankho timaligwira pati?

Tadala (Mufakose): Moni nonse pa gulu. Ndikukonzekera IELTS, mayeso a Chingerezi, ndipo pa mayeso omvetsera ndikufunika bandi 7, poti ndi imene a NMC, bungwe loyang'anira anamwino ku UK, amafuna kwa anamwino. Bandi imeneyi imayambira pa mayankho okhoza 30 mwa 40, koma ine ndikumathera pa 27 kapena 28. Mafunso odzaza mipata, monga manambala a foni, mayina a misewu ndi masiku, sakundivuta. Malikisi akuthera pa mafunso osankha A, B kapena C, makamaka m'gawo lachitatu momwe ophunzira amakambirana za ntchito yawo ya kusukulu. Anthu ajatu amatchula mayankho onse atatu. Wina akanena A mnzake amavomera, kenaka amakana, nkubwera B, nkubweranso C, ndiye pofika kumapeto sindidziwa kuti agwirizana chiti. Tepi nayo imalira kamodzi kokha. Amene munadutsamo, mumatani?

Yohane (Epworth): Achemwali, imeneyo ndi yosavuta. Yankho loyamba kutchulidwa ndi msampha nthawi zonse. Dikirani mpaka mumve "but" kapena "actually", chomwe chabwera pambuyo pake ndiye yankho. Mwachidule, tengani chomwe chatchulidwa pomaliza. Ine ndimatero ndipo zimandiyendera.

Tadala (Mufakose): Achimwene, njira imeneyo ndi yomwe ndinagwiritsa ntchito dzulo usiku, koma funso linanditaya. Ndinasankha chomaliza kutchulidwa, C, pomwe yankho linali B.

Bambo a Limbani (Mabvuku): Mwana wanga, langizo langa ndi lakuti usamasinthe yankho. Ife kusukulu ankatiuza kuti chomwe mtima wagwira poyamba ndicho cholondola. Ukayamba kufufuta ndi kulembanso, ukhoza kuchotsa chokhoza nkuika cholakwa. Lemba kamodzi, upite patsogolo.

Mphatso (Dzivarasekwa): Ankolo, amene akusintha maganizo si Tadala ayi, ndi anthu a m'tepimo. Okonza mayeso amachita dala kuti anthuwo ayambe ndi ganizo lina nkumalizira lina. Ndiye akamamatira chomwe wamva poyamba, agwa mu dzenje lomwe anamukumbira.

Bambo a Limbani (Mabvuku): Oho, ndamva tsopano. Kwathu mayeso anali owerenga ndi kulemba basi, za matepizi kunalibe. Pitirizani, ndikumvetsera nawo chifukwa Limbani nayenso akufuna kulemba chaka chamawa.

Mayi Nkhoma (Highfield): Tadala, tatilembera funsolo monga lilili, ndipo utiuze zomwe anthuwo ananena mwa ndondomeko yake. Ngati buku lako lili ndi mawu a tepi olembedwa kumapeto, yang'anamo. Nkhani imeneyi siimveka tikamayankhula m'malere, imafuna funso lenileni patebulo.

Tadala (Mufakose): Zikomo aphunzitsi. Funso lili motere:

> How will the students collect most of their information?
> A by sending out an online questionnaire
> B by interviewing people face to face
> C by using council records

Ophunzira ndi awiri, mnyamata ndi mtsikana, ndipo akuchita kafukufuku wa momwe anthu amagulira zinthu pa msika wa m'tauni yawo. Mnyamata ndi amene akuyamba. Akuti atumize mafunso pa intaneti chifukwa ndi zachangu komanso zosadya ndalama. Mtsikana akuyankha kuti nayenso ankaganiza zomwezo, koma gulu la chaka chatha linachita zimenezo ndipo anthu amene anayankha anali ochepa kwambiri. Ndiye akuti bwanji apite okha kumsikako akafunse anthu pamaso. Mnyamata akuti ganizolo ndi labwino koma lidya nthawi, poti atsala ndi masabata atatu okha. Kenaka akuti khonsolo ili ndi zolemba zambiri za msikawo, angotenga zimenezo. Mtsikana akuti anaziona kale, ndi zothandiza pa mawu oyamba a lipoti, koma zinalekezera zaka zingapo zapitazo. Apa mnyamata akunena kuti "So it's clipboards outside the market, then." Mtsikana nkuti "Looks like it." Basi, nkupita ku nkhani ina.

Ine nditamva mnyamata akukana B chifukwa cha nthawi, ndinaichotsa m'mutu. C itabwera pomaliza ndinaichonga.

Mayi Nkhoma (Highfield): Funso labwino kwambiri lophunzirirapo, chifukwa muli zonse zomwe zimasokoneza anthu. Tiyende nalo pang'onopang'ono.

Poyamba tione funso lenilenilo tisanafike pa A, B ndi C. Muli mawu atatu amene akulamulira zonse. Akuti "will", kutanthauza kuti akufuna zomwe adzachite, osati zomwe anaganizapo kapena zomwe ena anachita kale. Akuti "the students", kutanthauza onse awiri, ndiye ganizo la munthu mmodzi silikwanira mpaka mnzake atalivomera. Akutinso "most", kutanthauza kuti njira ina ikhoza kugwiritsidwa ntchito pang'ono koma osakhala yankho. Ukadula mzere kunsi kwa mawu atatuwa tepi isanayambe, wadziwa kale zomwe khutu lako likusaka.

Tsopano A. Mnyamata waitchula, mtsikana wati ankaganiza zomwezo. Mawu akuti ankaganiza akukuuza kale kuti ganizolo ndi lakale ndipo likupita kukafa. Chifukwa chake chabwera pompo, gulu la chaka chatha linalephera nayo. Mnyamata sanaiteteze. A yafa, ndipo yafa ndi chifukwa chomveka.

B ndi pomwe unatayikira. Mnyamata sanaikane B, anangodandaula nayo. Kudandaula kuti chinthu chidya nthawi ndi kosiyana ndi kunena kuti sitichita. Taona kusiyana kwake ndi A: pa A panaperekedwa umboni woti njirayo siigwira ntchito, pomwe pa B pangonenedwa kuti njirayo ndi yolemetsa. Chinthu cholemetsa anthu amachichitabe zina zikakanika. Ndiye B inayenera kukhala ndi chizindikiro chofunsa pambali pake, osati mtanda.

C yatchulidwa pomaliza, inde, koma mtsikana waichepetsa. Wati ithandiza pa mawu oyamba a lipoti okha. Apa ndi pomwe "most" akugwira ntchito yake. Zolemba za khonsolo azigwiritsa ntchito ndithu, koma si kumene kuchokere zambiri.

Chomaliza, ndipo ichi ndicho ndikufuna aliyense pa gulu pano achigwire: pamene akugwirizana, sakutchulanso mawu a pa B. Sakunena za kufunsa anthu pamaso. Akunena za timatabwa topanirapo mapepala, ataima nato kunja kwa msika. Munthu woima kunja kwa msika ndi pepala m'manja akuchita chiyani? Akufunsa anthu. Okonza mayeso amakonda kutchula mayankho olakwa ndi mawu ofanana ndendende ndi a papepala, koma yankho lokhoza amalibisa m'mawu ena. Ndiye ukamva mawu a papepala akutuluka m'tepi monga alili, usathamangire kuchonga, yamba wamva chomwe mnzakeyo ayankhe.

Yohane (Epworth): Koma aphunzitsi, ndiye kuti sindinaname kwenikweni. B ndi imene yabwera pomaliza, kungoti yabwera itavala zovala zina.

Mayi Nkhoma (Highfield): Pa funso ili wanena zoona, Yohane. Chomwe chikuvuta pa lamulo lako ndi chakuti munthu amene akulitsatira amamvetsera mawu, pomwe mayesowa akufuna amvetsere chigamulo. Tadala analitsatira bwinobwino ndipo linamufikitsa pa C. Komanso pali mafunso ena amene lamulo lako limalepheratu. Tangosintha funso la Tadala likhale lofunsa njira yomwe ophunzirawo ankafuna "originally", kapena "at first". Tepi ndi yomweyo, palibe liwu lasintha, koma yankho tsopano ndi A, choyamba kutchulidwa. Usinthenso lifunse chomwe mnyamata akuda nacho nkhawa, yankho likhala pa nkhani ya nthawi. Tepi imodzi ikhoza kubala mayankho osiyana malinga ndi funso, nchifukwa chake sindilola ophunzira anga kuloweza kuti choyamba ndi msampha kapena chomaliza ndi yankho.

Za "but" ndi "actually" sindikukana, amathandiza. Koma m'tepi ya Tadala muli "but" osachepera atatu: wina wapha A, wina wangodandaula za B, wina wachepetsa C. Ukamalumpha pa "but" aliyense, uzingosinthasintha mpaka tepi kutha. Mawuwa amakuuza kuti tchera khutu, china chikusintha. Sakuuza kuti yankho ndi ili.

Nabanda (Mbare): Ine ndinalemba OET, mayeso a Chingerezi a ogwira ntchito zachipatala, osati IELTS, koma matenda ake ndi omwewa. M'gawo B la mayeso omvetsera muli timatepi tifupitifupi 6, kalikonse ndi funso limodzi la mayankho atatu, ndipo nakonso kamalira kamodzi. Chomwe chinandithandiza ndi kukumbukira kuti ku wodi timachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Dokotala akuzungulira odwala amatha kunena kuti uyu atuluke lero. Sisitala wamkulu nkumukumbutsa kuti zotsatira za magazi sizinabwere. Dokotala nkuti ndiye mwina timutumize ku wodi ina, kenaka nkuyang'ana fayilo, nkuti ayi, agone konkuno tione mawa. Palibe namwino amene amalemba kuti wodwala watuluka chifukwa choti mawuwo anamveka. Timadikira mpaka dokotala atatseka fayilo nkusunthira pa bedi lotsatira. Tadala, iwe ndiwe namwino, khutu limeneli uli nalo kale. Chimene chimasokoneza pa mayeso ndi mantha oti nthawi ikutha, ndiye dzanja limafuna kuchonga msanga kuti mtima ukhale pansi.

Tadala (Mufakose): Anti, mwandikhudza pamenepo. Ku ntchito sindingalembe kanthu dokotala asanamalize. Koma pa tepi ndimaopa kuti ndikadikira, funso lotsatira lindipitirira. Ndingadziwe bwanji kuti nkhani ya funso ili yatha, fayilo yatsekedwa?

Mayi Nkhoma (Highfield): Pali zinthu ziwiri zokuthandiza. Choyamba, mafunso amatsatira ndondomeko ya tepi. Yankho la funso 23 limabwera lisanabwere la 24. Koma A, B ndi C m'kati mwa funso limodzi sakakamizidwa kutsata ndondomeko, C akhoza kuyamba, A nkumaliza. Ndiye diso lako lizikhala pa funso lomwe ulipo, koma uzidziwa mutu wa funso lotsatira. Ngati 24 ikufunsa za tsiku lokaonana ndi mphunzitsi wawo, ukangomva ayamba za mphunzitsiyo, dziwa kuti 23 yatsekedwa. Chonga chomwe chatsala chamoyo, usunthe.

Chachiwiri, anthu akamatseka nkhani amakhala ndi kayankhulidwe kake. Ziganizo zimafupika. Wina amati "OK, let's go with that", kapena "that's settled, then", kapena monga m'tepi yako, "Looks like it." Kenaka pamakhala kampata pang'ono, wina nkuyamba ndi "Now" kapena "What about". Ukamvetsera matepi angapo ukusaka malo amenewa okha, khutu limazolowera msanga.

Ndipo funso likakupita, lisiye lipite. Pa IELTS sachotsa malikisi ukalakwa, ndiye chonga chilichonse mwa zomwe sunaziphe, uthamangire kutsogolo. Kutaya funso limodzi si vuto lalikulu. Vuto ndi kukhala ukuliganizira mpaka ena awiri otsatira nkudutsa osawamva.

Mphatso (Dzivarasekwa): Aphunzitsi, mwatchula chizindikiro chofunsa ndi mtanda. Mumatanthauza kuti tizilembadi papepala tepi ili mkati? Sizichedwetsa?

Mayi Nkhoma (Highfield): Osati kulemba mawu, Mphatso, tizizindikiro chabe pambali pa chilembo. Yankho likatchulidwa ngati ganizo, ika kadontho kapena chizindikiro chofunsa. Likakanidwa ndi chifukwa chomveka, ika kamtanda. Onse akalivomera, chonga. Kamtandako kazikhala pambali, osadula mawuwo mpaka kusawerengeka, chifukwa nthawi zina chomwe chimaoneka ngati chafa chimadzukanso. Pa funso la Tadala pepala likanaoneka chonchi pofika kumapeto:

> A x
> B ?
> C x

Taona kuti ngakhale mawu a timatabwa aja akanakudutsa osawamva, B ndi yokhayo yomwe inalibe mtanda. Ubwino wa njirayi ndi umenewo, umatha kupeza yankho pochotsa zakufa, ngakhale chiganizo chomaliza chitakuphonya.

Chifundo (Tafara): Apa ine ndikusiyana nanu pang'ono, aphunzitsi. Ndinalemba pa kompyuta ku British Council konkuno ku Harare, ndipo pa kompyuta nkhani ya tizizindikiro siyenda chimodzimodzi. Mafunso ali pa sikirini, sungaike kamtanda pambali pa A. Pepala ndi cholembera zimakhalapo, koma ukangoweramitsa mutu kuti ulembe, diso lachoka pa sikirini, ndipo pobwerera umayamba kusaka pomwe unali. Ine ndinkangodina yankho lomwe lili moyo pa nthawiyo. A ikatchulidwa ndadina A, ikafa ndadina B, chonchobe mpaka nkhani itatsekedwa. Kusintha nkosavuta, ukadina china choyamba chija chimachoka chokha. Komanso kumbukirani kuti pa kompyuta palibe mphindi 10 zosamutsira mayankho monga papepala, pali mphindi 2 zokha zoonanso. Ndiye zomwe walemba pambali sudzapeza nthawi yokwanira yozibwerera.

Mayi Nkhoma (Highfield): Za mphindi 2 wanena zoona, ndipo ndi bwino aliyense adziwe asanakalembe mayeso. Koma tayesa njira yako pa funso la Tadala. Wadina A, yafa. Wadina B, mnyamata wadandaula nkubweretsa C, wadina C. Mtsikana waichepetsa C. Tsopano ubwerera kuti? Sikirini ikukuonetsa C yekha, siikukumbutsa kuti A inafa ndi umboni pomwe B inangodandaulidwa. Ngati mutu wako wasunga kusiyana kumeneko, zili bwino. Ophunzira anga ambiri sasunga, makamaka pofika funso la 25 mutu utatopa.

Chifundo (Tafara): Ine ndinkasunga ndi zala. Dzanja lamanzere patebulo, zala zitatu zotambasula, A, B, C. Yankho likafa ndapinda chala chake. Likangodandaulidwa chala chimakhala chotambasula. Dzanja lamanja lili pa mausi, maso pa sikirini. Zikumveka zachibwana koma zinandigwirira ntchito, ndipo palibe amene angakuletse kupinda zala m'chipinda cha mayeso.

Mphatso (Dzivarasekwa): Ya zalayi ndiiyesa. Koma kwa ine pepala ndi pensulo zimandikhazika mtima pansi, sindikudziwa ngati ndingazisiye.

Mayi Nkhoma (Highfield): Ya zala sindinaiyesepo ndi ophunzira, ndiye sindingaitsutse. Chomwe ndikuona nchakuti ikuchita ntchito yomweyo, kusunga mbiri ya yankho lililonse. Pa mafunso a mayankho asanu zala zikwanabe, koma ndikukayika ngati munthu angakumbukire chala chomwe chili D ndi chomwe chili E mtima ukugunda. Aliyense ayese kunyumba aone, asakayambire m'chipinda cha mayeso.

Yohane (Epworth): Poti mwatchula a mayankho asanu, amene aja oti "Choose TWO letters, A-E" ndiye amandimaliza. Anthu amatchula zonse zisanu, ndipo lamulo langa la chomaliza silithandiza chifukwa akufuna ziwiri.

Mayi Nkhoma (Highfield): Amenewo amawerengedwa ngati mafunso awiri, mwachitsanzo 21 ndi 22, chilembo chilichonse chokhoza ndi malikisi ake, ndipo ndondomeko yomwe walembera zilembozo ilibe kanthu. Ntchito yake ndi yomweyi, kungoti uyenera kupha zitatu. Chomwe ndimaona kawirikawiri nchakuti funso limafunsa zinthu ziwiri zomwe onse awiri agwirizana, ndiye m'tepi mumakhala chimodzi chomwe mnyamata yekha akuchikonda, china chomwe mtsikana yekha akuchikonda, china chomwe onse akuchikana, ndi ziwiri zomwe agwirizana. Amene amangomvetsera ngati chinthu chayamikiridwa amapeza zinayi zooneka zokhoza. Funso loti uzidzifunsa pa chilichonse ndi lakuti, mnzakeyo wati chiyani? Kuyankha kwa munthu wachiwiri ndi komwe kumagamula, osati mawu a woyambitsa.

Nabanda (Mbare): Koma aphunzitsi, azunguwa kukana kwawo kumakhala kozungulira. Munthu amayamba ndi kuyamikira, iwe nkumati wavomera, kumapeto nkupeza kuti wakana.

Mayi Nkhoma (Highfield): Eya, ndipo kwa ife sizachilendo, ifenso munthu wamkulu sitimukana mwachindunji. Timayamba ndi kuti mwanena bwino, kenaka nkubweretsa vuto mwaulemu. M'matepimu mumamveka zinthu ngati "That would be ideal, if we had the time", kapena "I see what you mean, but", kapena "I'm not so sure." Choyambacho chilibe ngakhale liwu lokana, koma munthuyo akunena kuti nthawiyo palibe, ndiye sizichitika. Mbali inayo, kuvomera nakonso kumabisala. Wina akati "I can't argue with that" kapena "Why not?", muli mawu omveka ngati okana koma wavomera ndi mtima wonse. Awa ndi oyenera kuwalemba m'kope mukawapeza m'mawu a tepi, mzere wa ovomera ndi mzere wa okana, kuchokera m'matepi omwe mwamvetsera nokha osati mndandanda wotola kwina.

Tadala (Mufakose): Nanga wina akati "I suppose so" ndi mawu ofooka, ngati sakufuna? Ndinakumana nazo pa funso lina. Ndiwerenge kuti wavomera?

Mayi Nkhoma (Highfield): Dikira chiganizo chotsatira. Akangoti choncho nkhani nkusuntha, wavomera, ngakhale monyinyirika, ndipo pa funso lofunsa zomwe adzachite ndi yankho. Akapitiriza ndi vuto lina, nkhani ikadali yotsegula. Pomwe pamavuta ndi pamene funso likufunsa maganizo a munthuyo osati chigamulo. Apo kunyinyirikako ndiye kungakhale yankho lenilenilo, monga kuti akukayika. Apa sindingakupatse lamulo, zimatengera momwe mayankho atatuwo alembedwera.

Chifundo (Tafara): Ine pamenepo ndimaona kuti mawu okha sakwanira, kamvekedwe ka liwu ndi komwe kamanena zoona. Ndiye amene mukukonzekera ndi foni m'kombi, phokoso la pa siteji ya Copacabana lili m'makutu, zinthu zimenezi simungazimve. Pezani mahedifoni ndi malo a phee, ngakhale kamodzi pa sabata.

Mphatso (Dzivarasekwa): Zoona, koma enafe nthawi yomwe tili nayo ndi ya m'kombi yomweyo, ndipo kunyumba magetsi akazima foni imakhala yatha moto. M'kombi ndimamvetsera matepi omwe ndinawachita kale, kuti khutu lizolowere. Atsopano ndimasungira Lamlungu masana.

Funso langa lina ndi la nthawi yowerenga ija amapereka tepi isanayambe. Ndi yochepa, ndipo mafunso osankhawa ali ndi mawu ambiri. Mafunso asanu, lililonse mayankho atatu aatali, sindimaliza. Ndiwerenge chiyani, ndisiye chiyani?

Yohane (Epworth): Ine ndimawerenga mayankho okha, A, B, C, chifukwa ndi omwe amveke m'tepi.

Mayi Nkhoma (Highfield): Ine ndimaphunzitsa mosemphana ndi zimenezo. Yamba ndi mitu ya mafunso onse, chifukwa ndi imene ikuuza za ndani, za liti, komanso pomwe funso lina likuyambira. Ukatsala ndi nthawi, bwerera ku mayankho a funso loyamba ndi lachiwiri, ugwire liwu limodzi kapena awiri osiyanitsa lililonse. Pa funso la Tadala ndi intaneti, pamaso, khonsolo, basi. Mayankho a mafunso akutsogolo uziwaona tepi ikuyenda, pa timipata tomwe anthu akucheza zosafunika. Komanso kumapeto kwa gawo amapereka nthawi yoonanso mayankho. Ambiri amaigwiritsa ntchito kuwerengeratu gawo lotsatira, ndipo ine ndimavomereza, chifukwa yankho la funso losankha sungalikonze tepi itadutsa.

Ukawerenga mayankho okha osadziwa funso, Yohane, umva onse atatu akutchulidwa ndipo sudziwa kuti akufuna wa mnyamata, wa mtsikana, wakale kapena watsopano.

Yohane (Epworth): Ndamva, koma ine Chingerezi chowerenga chimandichedwa. Ndikasiya mayankho kuti ndiziwaona tepi ikuyenda, ndimasiya kumva. Maso akamawerenga makutu amatseka. Ndiye kwa ine bola ndiwerengeretu mayankho ngakhale ndisafike ku mafunso omaliza.

Mayi Nkhoma (Highfield): Vuto limenelo ndi lenileni ndipo silithetsedwa ndi njira ya m'chipinda cha mayeso. Likufuna kuti liwiro lowerenga likwere. Pakadali pano chita zomwe zikukupatsa malikisi ambiri, koma mutu wa funso usaulumphe, ndi mzere umodzi wokha.

Bambo a Limbani (Mabvuku): Aphunzitsi, ndiye mwana akalakwa funso lotere kunyumba, azikonza bwanji? Limbani amangoona mayankho kumapeto kwa buku, nkuwerenga malikisi, nkutseka.

Mayi Nkhoma (Highfield): Bambo, pamenepo ndi pomwe ambiri amataya phindu la tepi. Kudziwa kuti yankho linali B sikuphunzitsa kanthu. Muuzeni achite izi. Akamaliza kuchonga, asayambe waona mawu olembedwa a tepi. Abwezere tepiyo pa funso lomwe walakwa, amvetserenso, ayese kupeza yekha chiganizo chomwe chinapha yankho lomwe anasankha. Akalephera kawiri, ndiye atsegule mawu olembedwawo. Pa yankho lililonse lolakwa adule mzere kunsi kwa mawu omwe analipha, alembe pambali mtundu wa imfa yake: linakanidwa ndi mnzake, linali ganizo lakale, linali la munthu wina, kapena linali loona koma laling'ono. Achite zimenezi ngakhale pa mafunso omwe wakhoza, chifukwa ena amakhoza mwamwayi.

Pakatha matepi angapo aona kuti imfa imodzi ndi yomwe imamupusitsa kawirikawiri. Wina amagwa pa ganizo lakale, wina amagwa pa kusasiyanitsa mawu a mnyamata ndi a mtsikana. Tadala, malinga ndi funso lija, wako ndi kuwerenga dandaulo ngati kukana. Ukabwerera ku mafunso ena omwe unalakwa, taona ngati si zomwezo.

Tadala (Mufakose): Ndabwerera pa ena omwe ndinalakwa sabata ino. Awiri ndi zomwezo ndendende, munthu anangoti chinthu ndi chodula kapena chovuta ine nkuchipha. Koma pali lina lomwe silikulowa m'mitundu mwatchulayi. Mphunzitsi akulangiza wophunzira kuti achotse mutu wina mu lipoti lake, wophunzira akuti aganizirapo, ndipo nkhani ikusuntha osagwirizana chilichonse. Funso likufunsa zomwe wophunzira "agrees to do", ndipo buku likuti yankho ndi kufupikitsa mawu oyamba, chinthu chomwe anachivomera koyambirira kwenikweni, mwachidule, ndi "Fine" yekha basi.

Chifundo (Tafara): Limenelo ndi lankhanza. Ndiye kuti zonse zinabwera pambuyo zinali phokoso chabe?

Mayi Nkhoma (Highfield): Zikuoneka choncho, kuvomera kunachitika msanga ndipo palibe chinakufafaniza, pomwe kuganizirapo si kuvomera. Koma ndisanatsimikize ndikufuna ndimve ndekha momwe "Fine" ameneyo anamvekera komanso yankho lachitatu linali chiyani. Tadala, tumiza chithunzi cha tsamba la mawu a tepiyo ndi mayankho onse atatu, undiuzenso mphindi yomwe funsolo likuyambira.

Tadala (Mufakose): Ndili pa shifiti ya usiku lero, buku lili kunyumba. Nditumiza mawa ndikaweruka.